Kuwamasulira ana a Sitandade 3 mwambi woti "Mutu umodzi susenza denga"

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 3 pasukulu ina ya m'tauni, ndipo ndili ndi ana 86. Sabata yatha ndinalemba pabolodi kuti "Mutu umodzi susenza denga". Ndinawauza kuti tanthauzo lake ndi kugwirizana, n'kupereka chitsanzo cha kusesa m'kalasi. Analoweza bwinobwino. Nditawafunsa mawa lake, mwana wina anati denga limasenzedwa ndi khoma, wina anati mwambiwu ukutiuza kuti tizionetsana mayankho pa mayeso. Ndinalakwitsa pati, ndipo ndibwereze bwanji?

Yankho:

Aphunzitsi, ana awiriwo musawakalipire, chifukwa akuthandizani kuposa anzawo amene anangoloweza. Woyambayo sanaonepo denga lili pamitu pa anthu, choncho wayankha malinga ndi zimene maso ake amaona tsiku ndi tsiku. Wachiwiriyo anatola liwu limodzi lokha, lija lakuti kugwirizana, n'kukaliika pamene iyeyo amalifunitsitsa. Mayankho awiriwa gwero lake ndi limodzi: tanthauzo linafika msanga, ana asanaone chinthu chimene mwambiwo ukunena.

Munthu wamkulu akamva mwambi amadumpha yekha kuchoka pa denga kukafika pa nkhani ya maliro, ya ukwati kapena ya mlandu. Mwana wa zaka 8 kapena 9 sanayambe kudumpha motero. Iye mawu amawamva monga momwe alili. Ukati denga, akuona denga. Ndiye ntchito yanu ndi kumuyendetsa pang'onopang'ono: ayambe waona dengalo, kenako aone chochitika cha pasukulu chofanana nalo, mawu a mwambi abwere pambuyo pake, ndipo tanthauzo alitchule yekha kumapeto. Kumudzi nakonso mwambi umabwera motero. Agogo sayamba ndi mwambi n'kumakasaka nkhani yoti auikepo. Chinthu chimayamba chachitika, onse achiona, agogo n'kuponyapo mwambi.

Denga lake ndi liti?

Denga la m'mwambiwu si la malata lokhomera ndi misomali. Ndi denga la udzu, la nkhokwe kapena la kanyumba kozungulira. M'madera ambiri denga la nkhokwe amalimangira pansi, pambali pa nkhokweyo. Amaimika phaso, kuzikumanitsa pamwamba kuti zipange nsonga, kuzizunguliza ndi nsungwi zong'amba kapena timitengo tofewa, n'kumanga ndi luzi. Likatha, mwini wake amaitana anzake. Amalizungulira, ena kulowa kunsi kwake, n'kulikweza nthawi imodzi mpaka litakhala pamwamba pa nkhokwe. Masiku ano mabanja ambiri amasunga chimanga m'matumba m'nyumba, choncho ngakhale mwana wakumudzi akhoza kukula osaona ntchito imeneyi. Nanji mwana wa m'tauni.

Pali chinthu china pa denga limeneli chimene aphunzitsi ambiri amachidumpha, chonsecho ndi pamene pagona mwambi wonse. Vuto la denga si kulemera kokha, komanso kutambalala. Ndowa ya madzi ya malita 20 imalemera, koma mayi mmodzi amaisenza chifukwa imakwana pankhata. Denga likhoza kufika mamita awiri kapena kuposerapo kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Ukakweza uku, uko kwagwa. Ukathamangira uko, kuno kwapendama. Ngakhale chiphona cha m'mudzi sichingakhale mbali zinayi nthawi imodzi. Choncho mwambiwu sukunena za ntchito imene imangofulumira anthu akachuluka. Ukunena za ntchito imene siitheka n'komwe munthu ali yekha, ndipo imafuna kuti ogwirawo anyamule nthawi imodzi.

Apa ndi pamene chitsanzo cha kusesa chinakugwetsani. Mwana mmodzi akhoza kusesa kalasi yonse yekha. Achedwa, atopa, koma amaliza, ndipo ana akudziwa zimenezi chifukwa anaonapo mnzawo wochedwa akusesa yekha ngati chilango. Mukati mutu umodzi susenza denga, kenako n'kuwapatsa ntchito imene mutu umodzi umaitha, mwana wochenjera amaona kuti mawu ndi chitsanzo sizikugwirana. Amangoloweza kuti akusangalatseni. Kusesa kumagwirizana bwino ndi mwambi wina, uja woti "Pang'onopang'ono ndi mtolo", ngati mukunena za mwana amene amasesa mzere umodzi, kenako wina, mpaka kalasi yayera.

Posankha chitsanzo, dzifunseni funso limodzi ili: kodi mwana wamphamvu kuposa onse m'kalasi muno, atapatsidwa tsiku lonse, angaimalize yekha ntchitoyi? Ngati angathe, chitsanzocho chisiyeni. Ngati sangathe, mwapeza denga lanu. Pasukulu zoterezi zilipo. Desiki ya ana awiri kapena atatu ndi yaitali, mwana mmodzi akakweza mbali imodzi inayo imakhukhuluzika pansi. Bolodi lonyamula popita nalo pansi pa mtengo limafuna wina uku wina uku, makamaka kukakhala mphepo. Pamjigo mwana sangapope ndi kusamba m'manja nthawi imodzi, amayenera kuuza mnzake kuti "tandipopera". Fulaye sungamusewere wekha, pamafunika awiri oponya ndi wina wozinda pakati. Pa zonsezi, yambani ndi desiki, chifukwa ndi imene ikufanana kwambiri ndi denga: imanyamulidwa, ndi yotambalala, ndipo imagwa ogwirawo akapanda kumvana. Ngati m'kalasi mwanu ana amakhala pansi, benchi kapena bolodi lonyamula lilowe m'malo mwake.

Phunziro la mphindi 35

Bwerani ndi zinthu zitatu: mphasa, mpira wachikulunga, ndi chingwe chotalika mita imodzi. Mphasa ikasowa, katoni yaikulu yophwasula imagwira ntchito yomweyo. Pabolodi musalembepo kanthu poyamba.

Mphindi zisanu zoyambirira zikhale za mawu awiri, kusenza ndi denga. Funsani kuti, "Ndani anasenzapo chinthu?" Mikono ikwera yambiri: ndowa, nkhuni, thumba la kuchigayo. Funsaninso kuti, "Ukagwira kope m'manja, wasenza?" Akana okha, ndipo potero atsimikiza kuti kusenza ndi kwa pamutu. Kenako jambulani nkhokwe pabolodi, denga lake lili pansi pambali pake, osati pamwamba. Funsani kuti, "Dengali lifika bwanji pamwambapo?" Musayankhe. Ngati muli ndi mwana amene anakhalako kumudzi kwa agogo ake, mulekeni afotokoze m'mawu akeake, chifukwa anzake amamva msanga kwa iye kuposa kwa inu.

Aphunzitsi ena amapanga kadenga kakang'ono ka timitengo ndi udzu n'kubwera nako. Kamathandiza kuonetsa maonekedwe, koma kali ndi msampha wake. Mwana amakanyamula ndi dzanja limodzi, kukaika pamutu ngati chipewa, kalasi yonse n'kuseka, ndipo mwambi wanu waoneka wabodza pamaso pa onse. Mukabwera nako, onetsaninso kukula kwenikweni kwa denga. Apa ndi pamene pafunika chingwe chija. Mwana mmodzi agwire nsonga yake pansi, wina azungulire ndi choko kapena kamtengo kunsonga inayo. Mzere wozungulira umene utulukewo ndi wa mamita awiri m'mimba mwake. Imikani mwana mmodzi pakati atambasule manja. Onse aona kuti manja ake sakufika m'mphepete.

Mphindi khumi zotsatira ndi za mphasa, ndipo zimenezi musazifupikitse. Yalani mphasa kutsogolo, ikani mpira pakati pake. Nenani lamulo: mphasa ikwere kufika pamwamba pa mutu ili chiyalire, mpira usagwe. Itanani mwana mmodzi, ndipo musankhe wamkulu thupi, amene anzake amamuona ngati wamphamvu. Mukasankha wamng'ono, anzake anena kuti walephera chifukwa chochepa mphamvu, ndipo phunziro lasokonekera pomwepo. Ayese kawiri. Akakweza mbali imodzi, mpira ugubuduka. Akalowa kunsi, mphasa ipindika, mpira ugwa. Muyamikireni, ndipo munene momveka kuti aliyense akanalephera, ngakhale inu amene. Ndi bwinonso kuti muyese inuyo pamaso pawo, aone kuti msinkhu suthandiza.

Tsopano itanani ana anayi, mmodzi pangodya iliyonse, ofanana msinkhu. Ulendo woyamba musawauze nthawi yonyamulira, ingonenani kuti "kwezani". Kawirikawiri wina amafulumira, wina amachedwa, ndipo mpira umagwabe. Kugwa kwachiwiriku n'kofunika kwambiri, musakuone ngati kulephera kwa phunziro. Funsani kalasi kuti, "Tsopano alipo anayi, nanga mpira wagweranji?" Wina ayankha kuti sanakwezere pamodzi. Ulendo wachiwiri kalasi yonse iwerenge: "Kamodzi, kawiri, katatu, nyamu!" Mphasa ikwera, mpira uli phee pakati. Ana 86 sangagwire mphasa onse, koma onse akhoza kuwerenga, ndipo potero palibe amene wangokhala woonerera. Ngati nthawi ilipo, bwerezani ndi atsikana anayi, kenako anyamata awiri ndi atsikana awiri, kuti pasakhale woganiza kuti mwambiwu ndi wa amuna okha.

Desiki yeniyeni musaiyeseze motere. Ili ndi zitsulo, ana ambiri ali ndi mapazi opanda nsapato kapena avala patapata, ndipo mwana amene wangomva liwu lakuti kusenza akhoza kufuna kuiika pamutu. Desiki ilowe m'nkhani yokamba pakamwa, imene itenge mphindi zisanu ndi ziwiri. Yambani monga momwe nthano imayambira, "Padangokhala", iwo avomere "Tili tonse", kuti makutu atseguke. Nkhaniyo ikhale yaifupi chonchi:

"Padali mnyamata wina wa Sitandade 3. Tsiku lina mvula inagwa, denga la kalasi linadontha, madzi n'kumagwera padesiki pake. Aphunzitsi anati, 'Sunthani desikiyo ipite pakona.' Mnzake wokhala naye anati, 'Ndigwire uku?' Iye anati, 'Ayi, ndine wamphamvu, ndinyamula ndekha.' Anakweza mbali imodzi, mbali inayo inakana. Anathamangira mbali inayo, yoyamba ija inagwa, phi! Makope anagwera m'madzi. Anayesanso, desiki inangozungulira pomwepo. Madzi akudonthabe."

Imani pamenepo. Musamalize nkhaniyo. Funsani kuti, "Achite chiyani?" Ana anena kuti aitane mnzake. Funsani kuti, "Amuuze kuti chiyani?" Funso lachiwirili ndi lofunika, chifukwa likuwaphunzitsa mawu enieni opemphera thandizo: "Tandigwirako uku." Kenako funsani kuti, "Mnzakeyo akabwera, anyamule bwanji kuti isagwe?" Akumbukira mphasa ija, n'kunena kuti awerenge kaye.

Mnyamata wa m'nkhaniyi musamupatse dzina la mwana aliyense wa m'kalasi mwanu, ndipo musatenge chinthu chimene mwana wina anachitadi dzulo n'kuchisandutsa chitsanzo. M'kalasi ya ana ochuluka chonchi dzina lililonse limene mungatchule likhoza kukhala ndi mwini wake, ndipo pa buleki mwanayo asanduka "Mutu Umodzi" mpaka temu itatha. "Mnyamata wina" kapena "mtsikana wina" n'kokwanira.

Apa tsopano mwambi ulowe, mphindi zisanu. Nenani kuti, "Agogo akanamuona mnyamata ameneyu akulimbana ndi desiki, akanamuuza kuti: Mutu umodzi susenza denga." Bwerezani kawiri, ana anene katatu, kenako lembani pabolodi. Pansi pake jambulani mizere iwiri yolumikiza: kuchokera pa liwu lakuti denga kupita pa chithunzi cha desiki, kuchokera pa mawu akuti mutu umodzi kupita pa chithunzi cha mwana mmodzi. Funsani kuti, "M'nkhani yathu ija, denga ndi chiyani? Nanga mutu umodzi ndi ndani?" Mwana akayankha kuti denga ndi desiki, ndiye kuti wayamba kumva mmene miyambi imayankhulira. Kulumikiza kumeneku ndiko luso limene mukuphunzitsa, ndipo adzaligwiritsa ntchito pa miyambi ina yonse, kaya buku lanu likuitchula kuti miyambi kapena mikuluwiko.

Samalani ndi liwu lakuti susenza. Ana a masiku ano amati "sungasenze" kapena "sumasenza", ndipo ena akamva "susenza" amaganiza kuti akuuzidwa iwowo, ngati mmene timanenera kuti "iwe susenza madzi lero". Auzeni kuti apa ukunenedwa ndi mutu: mutu umodzi sungathe kusenza. Koma polemba ndi ponena, mwambi ukhale monga momwe ulili. Akausintha n'kumati "mutu umodzi sumanyamula denga", abwezeni mofatsa, chifukwa mwambi umadziwika ndi mawu ake omwewo.

Tanthauzo libwere kuchokera kwa iwo. Funsani kuti, "Ndiye agogo akutiuza chiyani?" Landirani mayankho atatu kapena anayi, musankhe limene lili pafupi, mulikonze pang'ono. Chimene mukufuna ndi chiganizo chonga ichi: "Pali ntchito zina zimene munthu sangathe yekha, ayenera kuitana anzake." Onani liwu lakuti zina. Liwu limeneli ndi limene linasowa pamene munati tanthauzo ndi kugwirizana. Kugwirizana ndi liwu lalikulu, lopanda malire, mwana akhoza kulowetsamo chilichonse, ngakhale kugwirizana kukaba mango kwa aneba.

Nkhani ya mayeso ija

Imeneyi musaithawe, ndipo musangoti "kuonera n'koletsedwa" basi. Mwanayo anaganiza bwino ndithu: mayeso ndi ovuta, ine ndekha akundikanika, ndiye ndi denga. Mukamuletsa ndi lamulo lokha, aona ngati mwambi ukunena china, sukulu ikunena china. Muyankheni kuchokera mu mwambi momwemo.

Bwererani ku mphasa. Funsani kuti, "Pamene anayi aja anakweza mphasa, alipo amene anangoima manja m'thumba?" Ayi, aliyense anagwira ngodya yake. "Nanga amene akukopera mayankho a mnzake, wagwira ngodya iti?" Palibe. Wangolowa pansi pa denga limene mnzake wasenza yekha. Choncho woonera sakutsata mwambiwu, akuuphwanya, chifukwa wasiyira mutu umodzi katundu yense.

Kenako funsani kuti aphunzitsi amapereka mayeso pofuna kudziwa chiyani. Amafuna kudziwa zimene zili m'mutu mwa mwana aliyense payekha. Mayeso ali ngati ndowa: aliyense amasenza yake pamutu pake. Ana amamva msanga kusiyana kwa ndowa ndi denga, chifukwa munayamba nazo phunziro. Mukhoza kuwonjezera kuti nthawi yothandizana ilipo, ndiyo mayeso asanafike. Mwana amene kuchotsera kobwereka kukumuvuta apemphe mnzake amuonetse njira lero, kuti Lachisanu adzasenze ndowa yake yekha.

Kudziwa ngati amva

Mphindi zisanu ndi zitatu zomaliza musazithere pa funso lakuti "Mwambiwu ukutanthauza chiyani?" Funso limeneli limayesa kuloweza kokha, ndipo mwaona kale kuti ana anu kuloweza amatha. M'malo mwake tchulani zochitika, iwo aweruze. Gwirizanani zizindikiro ziwiri: ngati ndi denga, akumanitse manja pamwamba pa mutu ngati nsonga ya nkhokwe, ngati ndi ndowa, aike dzanja limodzi pamutu. Ndi zizindikiro zotere mumaona kalasi yonse nthawi imodzi, ngakhale ana a kumbuyo amene sakweza mkono. Auzeni atsinzine poyankha kuti asatengere kwa mnzawo.

Yambani ndi zosavuta. Kusongola pensulo: ndowa. Kunyamula bolodi kupita nalo pansi pa mtengo: denga. Kulemba dzina lako pakope: ndowa. Kenako tchulani zimene mulibe kunyamula kulikonse. Kusewera fulaye: denga. Kusamba m'manja pamjigo: denga. Apa ndi pamene mudziwe zoona. Mwana amene wati fulaye ndi ndowa, kapena wangoima osadziwa chochita, ndiye kuti akuganiza kuti mwambiwu ndi wa zinthu zonyamula zokha. Sanalakwe kwambiri, wangoima pakati panjira. Mufunseni kuti, "Ungaponye mpira, n'kuthamanga kukauzinda wekha, n'kukauwakhanso mbali inayo?" Aseka, ndipo amva. Malizani ndi mayeso: ndowa. Ngati ana ambiri apanga denga pa mayeso, bwerezani gawo la ngodya za mphasa tsiku lotsatira, osati tsiku lomwelo atatopa.

Pali cholakwika china chimene chimaoneka patapita masiku. Mwana waulesi amaugwira mwambiwu ngati chishango. Mwamutuma kufufuta bolodi, iye akuti mutu umodzi susenza denga, akufuna anzake atatu. Musakwiye, ndi chizindikiro choti mwambi waumva ndipo akuuyesa malire. Mufunseni funso lomwe lija: "Ili ndi denga kapena ndowa?" Anzake amuyankha okha.

Mwana amene afunika diso lanu kwambiri ndi wa mtundu wina, amene salankhula. M'kalasi iliyonse muli mwana amene amalimbana ndi chinthu yekha osati chifukwa chodzitama ngati mnyamata wa m'nkhani uja, koma chifukwa cha manyazi, kapena chifukwa anzake amamusala. Kwa iyeyu mwambiwu ukhoza kumveka ngati chitonzo, ngati akuuzidwa kuti ndi wolephera. N'chifukwa chake muyenera kuuonetsa mbali zonse ziwiri. Ukulankhula kwa wosenzayo kuti aitane anzake, komanso ukulankhula kwa oonerera kuti asadikire kuitanidwa. Kumudzi munthu akamadutsa n'kupeza anzake akukweza denga, amatula katundu wake n'kugwirako. Funsani kalasi kuti, "Ukaona mnzako akulimbana ndi desiki yekha, iwe uchite chiyani?" Yankho lake likhale mawu enieni oti anene: "Ndikugwireko?"

Masiku otsatira

Phunziro limodzi silikhazika mwambi m'mutu. Chimene chimaukhazika ndi kuumva ukunenedwa pa nthawi yake. Sabata imeneyo, nthawi iliyonse imene pachitika chinthu choyenera, nenani theka lokha: "Mutu umodzi..." iwo amalize kuti "susenza denga!" Katatu kapena kanayi pa sabata n'kokwanira. Mukaunena pa chilichonse, ngakhale potolera makope, usanduka nyimbo chabe ndipo malire aja afufutika.

Ntchito ya kunyumba ikhale yofunsa, osati yolemba. Aliyense akafunse munthu wamkulu kwawo kuti, "Munaonapo denga likusenzedwa? Munalipo angati?" Ena abwera ndi nkhani za nkhokwe, ena za kukankha minibasi yotitimira m'matope, ena za kunyamula bokosi pamaliro. Zonsezo zilandireni. Ena abwera ndi mwambi wina, woti "Chala chimodzi sichiswa nsabwe". Umenewu ndi m'bale wake weniweni wa mwambi wathu, chifukwa nawonso ukunena za chinthu chosatheka ndi chimodzi: nsabwe imaswedwa pakati pa zikhadabo ziwiri. Koma musauphunzitse tsiku limodzi ndi wa denga. Ana a msinkhu uwu akapatsidwa miyambi iwiri yofanana nthawi imodzi amaisakaniza, ndipo mudzamva wina akuti chala chimodzi sichisenza denga. Dikirani sabata imodzi, kenako muupereke ngati ndagi: "Mwambi uwu ukufanana ndi uti umene tikuudziwa kale?"

Akuluakulu amagwiritsanso ntchito mwambiwu pa nkhani za nzeru, osati za mphamvu zokha. Mutu ndi mosungira maganizo, choncho munthu akakhala ndi vuto lalikulu la m'banja, kapena mfumu ikamaweruza mlandu pamodzi ndi nduna zake, amati mutu umodzi susenza denga, kutanthauza kuti nkhani yaikulu imafuna kufunsa ena. Gawo limeneli lisungireni Sitandade 4 kapena 5. Mukalibweretsa tsopano, mwana wa mayeso uja apeza pothawira, chifukwa anena kuti nayenso akungofunsa nzeru kwa mnzake. Likadzafika nthawi yake, chitsanzo chabwino ndi gulu limene lapatsidwa sewero loti likonze: wina aganiza nkhani, wina akumbukira nyimbo, wina aona kuti mathero sakumveka, ndipo palibe mmodzi amene akanaziona zonsezo.

Chomaliza n'chokhudza ulemu. Ana akaudziwa mwambi amafuna kuuponya paliponse, ndipo ena akaunena kwa makolo awo atatumwa ntchito. Pachikhalidwe chathu mwambi wolangiza umatsika kuchokera kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, kapena umayenda pakati pa anthu a msinkhu umodzi. Mwana akauza bambo ake kuti mutu umodzi susenza denga pamene amutuma, zimamveka ngati mwano, ndipo kholo likhoza kubwera kudzafunsa zimene mukuphunzitsa. Auzeni anawo kuti kwa mnzawo akhoza kuunena momasuka, koma kwa wamkulu ayambe ndi kupempha: "Amayi, ichi chandikanika ndekha, ndingaitane achimwene andigwireko?"